Mwana akaphonya pasi pa tirening'i, mumamuuza chani?

Ndimaphunzitsa ana mpira kuno ku Nkhotakota, pa galaundi ina ya pulayimale chakufupi ndi boma. Ndi ana a zaka 10 mpaka 14, anyamata ndiwo ambiri koma atsikananso alipo ndithu. Si ganyu yolipidwa ayi, timangokumana masana akaweruka ku sukulu dzuwa likayamba kupepuka. Anzanga angapo amene ayambitsa timatimu ta ana kwawoko, ena ku Dwangwa ena cha ku Benga, amakonda kundipempha kuti ndiwatumizireko ma dirilu atsopano. Ine ndimati ma dirilu si vuto, ali mbwee pa foni. Pomwe pamavuta ndi pa kanthawi kaja mwana wangolakwitsa kumene, watembenuka akukuyang'anani inu akochi kuti munena chani. Nde ndati ndilembe mmene ndimachitira pamenepo, potengera chinthu chimodzi chokha, pasi yapansi yomenya ndi mkati mwa phazi.

Zomwe zimamveka m'magalaundi mwathumu tonse tikuzidziwa. "Iwe! Ukupanga chani?" "Pasi yanji imeneyo?" "Kodi uli ndi maso?" Mawu amenewa mwana amangotolapo chimodzi, kuti akochi akwiya. Kuti mpira waphonya ankadziwa kale, wauona yekha ukupita kutchire. Chomwe sakudziwa ndi chomwe chaupititsa kumeneko, ndipo inu simunamuuze. Akabwerera pa mpira amapanga zomwe zija, kungoti pano akupanga ali ndi mantha, nde amafulumira kuutaya kuti ungochoka kwa iye basi.

Choyamba ndimakhala kaye chete nkumaonerera. Ndimawaika awiriawiri, kutalikirana mapazi 10 akuluakulu, pakati pawo ndimaimika mabotolo awiri othira mchenga kusiya mpata wa mita imodzi, kukhala kageti. Ntchito ndi yoti mpira udutse pakageti ukafike kwa mnzake. Mwana akaphonya kamodzi sindiyankhula, aliyense amaphonya. Ndimadikira amenye kasanu kapena kasanu nkamodzi, ndione ngati mpira ukulakwikira mbali imodzimodzi. Ukamapita pena uku pena uko ndiye kuti mwanayo akufufuzabe yekha, musiyeni. Ukamapita komwekomweko, pali chifukwa, ndipo mpirawo umakuuzani wokha. Ukamathawira m'mbali, nthawi zambiri phazi loponda lija, losamenya lija, laloza kwina, kapena mwendo womenya ukudutsa mopingasa kutsogolo kwa thupi. Ukamadzuka m'mwamba ndiye kuti waumenya kunsi, kawirikawiri chifukwa waponda kumbuyo kwambiri kwa mpira thupi nkupendekera chambuyo. Ukamapita mofooka, ukungogubuduka ngati sukufuna, ndiye kuti kakolo ndi wolobodoka, phazi likugonja likakumana ndi mpira. Kuti muone zimenezi imani kumbuyo kwa womenyayo mukafuna kuona kolowera mpira, ndipo imani chammbali mukafuna kuona pomwe waponda. Komanso miyezi ya mwera ija, cha mu Juni ndi Julaye, muyambe mwaona mphepo musanamunamizire mwana, makamaka ngati mpira wanu ndi wopepuka uja wa pulasitiki.

Panali kamnyamata kena ka zaka 12, kakumanja, kachete kwambiri, kosewera opanda nsapato. Mipira yake yonse imadutsa kumanzere kwa kageti, mnzake amachita kuithamangira mpaka anayamba kudandaula. Nditaima kumbuyo kwake ndinaona kuti phazi lamanzere akumaliponda litaloza chakumanzere komweko. Ndikanatha kungomuuza, masekondi atatu nkhani yatha. Koma ndinapita pafupi, ndinanyonyomala pambali pake tonse tikuyang'ana kumene kuli mabotolo, nde ndinati, "Menyanso umodzi." Anamenya, unadutsa kumanzere.

"Wadutsa mbali iti ya botolo?"

Zii. Maso pansi, chala chakuphazi chikukanda mchenga. Ndinangokhala, osabwereza funso, osamuthandiza. Kenako anakweza dzanja nkuloza kumanzere.

"Eya, wadutsa uko. Tsopano usasunthe. Tayang'ana pomwe unaponda ndi phazi linalo."

Ubwino wa galaundi zathu zamchengazi ndi umenewu, phazi limasiya chidindo. Chinalipo chooneka bwinobwino, chidendene apa, zala zisanu apo, zitaloza kumtengo wa mango uli kuseri kwa golo.

"Zala zimenezi zaloza kuti?"

"Kumango."

"Nanga mpira wapita kuti?"

Anayang'ana mpira, anayang'ananso chidindo chija, nde kakumwetulira kanayamba. "Kumango komweko akochi."

"Nde ukafuna upite kwa mnzakoyo utani?"

Sanayankhe ndi pakamwa. Anangoika mpira pansi, nkuponda mosamala zala zitaloza kwa mnzake, nkumenya. Unadutsa kumanja kwa kageti, wapyoletsa. Apa mpomwe pamafunika kudzigwira, chifukwa pakamwa pamayabwa kuti unenepo kenakake. Koma mwana wasintha chinthu, thupi likufufuza pakati, nde ndinangokhala duu. Wotsatira unagunda botolo. Winawo unadutsa pakati penipeni mpaka kuphazi kwa mnzake. Ndinati, "Waona? Phazi laloza kwa iye, mpira wapita kwa iye," nkunyamuka kupita kwa ena. Zonsezi sizinakwane ndi mphindi ziwiri zomwe.

Wina atha kunena kuti bwanji osangomuuza, nthawi ndi yochepa ana ndi ambiri. Zoona. Koma kusiyana kwake kumaoneka ine ndikachokapo. Nditafika kumapeto kwa mzere ndinacheuka, ndinamuona waphonyanso, ndipo sanandiyang'ane ine ayi, anayang'ana pansi pomwe waponda. Ndiye kuti pano ali ndi poonera yekha. Mwana amene wangouzidwa kuti "loza phazi" amakonza pomwepo, koma akadzaphonya mawa amadikira akochi abwere adzamuuzenso, ndipo ana akakhala 30 akochi mmodzi, adzadikira mpaka kalekale.

Tsopano za mafunsowo, chifukwa si funso lililonse limagwira. Ana athuwa analeredwa kuti wamkulu akakufunsa funso utalakwitsa, ndiye kuti wayamba mlandu, ngati kubwalo kwa amfumu. Nde mukangoti "chifukwa chani wamenya choncho?" mwana samaganiza za mpira ayi, amaganiza zodzipulumutsa. Wina amangoti zii, wina amati "ndi mnzangayu anaima molakwika", wina amapepesa. Funso limenelo pa mwana amene wangolakwitsa ine sindiligwiritsa ntchito. Linanso lopanda phindu ndi "mwamva?" Onse amati "eee!" mokweza bwino, olo amene amayang'ana mbuzi zikudutsa. Mukafuna kudziwa ngati amva, nenani kuti "tandionetsa" basi, muona nokha.

Ndimayamba ndi funso loti mwana atha kuyankha ndi chala, ngati lija la mbali iti ya botolo. Palibe choopsa, yankho lili poyera, ndipo akayankha nkumva "eya" mapewa amatsika. Kenako funso losankha pa ziwiri, monga "waumenya pakati kapena kunsi?" Akazolowera, mwina patapita masabata, mpomwe ndimafika pa mafunso otseguka ngati "waona chani usanapatsire?" kapena "ukanatani kuti usalandidwe?" Mukayamba ndi otsegukawa pa ana atsopano mungokhumudwa nkumati njira yofunsayi ndi ya azungu kuno siyigwira. Imagwira, kungoti mwayambira pamwamba.

Komanso musamukakamize kuti akuyang'aneni m'maso. Kwathu kuno mwana akazolika pamaso pa wamkulu ndi ulemu, si mwano. Nchifukwa chake ndimanyonyomala pambali pake, tonse maso ali pa mpira kapena pa chidindo, nkhani imakhala ya mpirawo osati ya iye.

Nde pali kudikira. Ichi nchovuta kuposa mmene chikumvekera. Mayi wina wa ku America wofufuza za maphunziro, Mary Budd Rowe, zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenako abwereza funso, kapena aloza wina, kapena ayankha okha. Anapezanso kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayamba kuyankha, ndi achete omwe. Iye ankaona za m'kalasi koma pa galaundi ndi chimodzimodzi. Ine ndimawerenga chamumtima mpaka 5. Zimaoneka ngati chaka, ana ena amayamba kuseka, koma yankho limabwera cha pa 4 apo. Ndikafika pa 5 kuli zii, sindibwereza funso lomwelo mokweza ayi, ndimalichepetsa, kuchoka pa "watani?" kufika pa "uku kapena uku?" Zikakanikabe ndimangomuonetsa, tapitirira, palibe chifukwa chomuimika mwana padzuwa mpaka alire.

Ndipo mwana akayankha zolakwika musathamangire "ayi". Wina ndinamufunsa kuti mpira ukudzuka bwanji, anati chifukwa akumenya mwamphamvu. Ndinati chabwino, tamenya pang'onopang'ono tione. Anamenya mofatsa, unadzukabe. "Wadzuka kapena ayi?" "Wadzuka." "Nde mwina si mphamvu. Tagwira ndi dzanja pomwe phazi lako likugunda pa mpirapo." Anagwira kunsi. Basi nkhani inathera pomwepo, ndipo yankho lake loyamba lija silinamuchititse manyazi, tinangoliyesa limodzi.

Pa gulu ndiye musamafunse kuti "ndani akudziwa?" chifukwa ayankha awiri omweomwe aja olongolola, ena onse apuma. Ndimati aliyense auze mnzake amene akumenyerana naye, masekondi 20, kenako ndimaloza awiri aliwonse kuti "inu mwagwirizana chani?" Mwana wamanyazi amatha kunena zomwe "tagwirizana" mosavuta kusiyana ndi zomwe "ndikuganiza", chifukwa zikalakwika sali yekha.

Kukonza mwaubwino anthu ambiri amakumva molakwika, amaona ngati ndi kumangoti "bho, bho, wachita bwino" olo mpira wapita kumanda. Ayi. Ana si opusa, akaphonya inu nkuwayamikira amadziwa kuti mukunama, ndipo tsiku lomwe mudzayamikire zenizeni sadzakukhulupirirani. Nkhani ndi yoti mumuuze choti achite, osati choti asachite. Ana ambiri amene anakulira mpira wa majumbo amamenya ndi chala chachikulu. Mukati "usamenye ndi chala" mwamutsekera njira imodzi osamutsegulira ina, ndipo mawu omwe atsala m'mutu mwake ndi chala chomwecho. Koma mukati "tembenuza phazi, menya ndi apa", nkumugwiritsa yekha mkati mwa phazi lakelo, ali ndi choti akachite. Chimodzimodzi "usagwere chambuyo", ine ndimati "mphuno pamwamba pa mpira". "Usalobodoke" ndimati "zala m'mwamba, limbitsa". Mawu awiri atatu, oti ndithe kukuwa ali mkati mosewera iye nkumva osaima. Tikagwirizana kale tanthauzo lake, pa gemu ndimangoti "loza!" kapena "limbitsa!" basi.

Ndipo chimodzi pa nthawi. Mwana atha kukhala kuti phazi laloza kwina, kakolo wolobodoka, mutu uli pansi osayang'ana mnzake, zonse pakamodzi. Mukamuuza zitatu zonse palibe chomwe agwire, amangouma thupi. Ndimasankha chomwe chikuyamba, nthawi zambiri phazi loponda, chifukwa likakhala bwino zina zimadzikonza zokha. Zotsalazo ndimazisunga, mwina sabata yamawa.

Kuyamikira nakonso kuzikhala ndi dzina la chinthu. "Wachita bwino" ndi mawu okoma koma mwana sadziwa kuti wachita bwino chani kuti akabwereze. "Wacheuka usanalandire mpira, nchifukwa chake sanakulande", amenewo ndiye atha kuwagwiritsa ntchito. Ndimayamikiranso maganizo olo phazi lalephera. Mwana waona mnzake ali yekha kuphiko, wayesa kumupatsira, mpira wafupika walandidwa. Mukamukalipira pamenepo, chomwe waphunzira nchoti asadzayesenso, azingomenya kutsogolo. Ine ndimakuwa kuti "wamuona bwino! Onjezera mphamvu!" Mawu onse awiri ndi oona.

Pali njira ija amaphunzitsa ku ma kosi, yoti uyambe ndi chabwino, uike chokonza pakati, umalize ndi chabwino. Siyoipa, kwa mwana watsopano imathandiza. Koma mukamaichita tsiku ndi tsiku ana amaitulukira. Kamtsikana kena kochenjera ndinangoyamba kuti "wathamanga bwino", iko nkundimalizira, "komaaa...", gulu lonse kuphulika kuseka, inenso ndinaseka. Akazolowera kuti kuyamikira kulikonse kumatsogolera "koma", samvanso zoyambazo, amangodikira nkhonya. Nde pena muziyamikira nkuchokapo osaonjezera kalikonse, ndipo pena muzikonza mwachindunji ndi mawu ofatsa opanda zokutira. Chomwe ndimasunga nthawi zonse nchoti kuyamikira ndimakuwa onse amve, kukonza ndimapita pafupi amve yekha. Makamaka a zaka 13 ndi 14 aja, ukamukonza mokuwa pamaso pa anzake, kapena atsikana ali pompo, olo mawu akhale abwino bwanji iye amangomva manyazi.

Funso limakuthandizaninso inuyo kuti musakonze chinthu cholakwika. Mtsikana wina wa zaka 11 mapasi ake anali ofooka kwambiri, osafika nkomwe pakageti. Poyang'ana zimaoneka kuti ndi kakolo wolobodoka, phazi limabwerera lisanamalize kumenya. "Limbitsa" sanathandize. Nde ndinamufunsa chapansipansi kuti, "Ukamamenya ukumva bwanji kuphaziko?" Anadikira, nkunena motsitsa kuti, "Ukuwawa." Mpira unali sayizi 5 wopopa gwa, iye alibe nsapato. Sikuti samadziwa kumenya, amateteza phazi lake. Ndinamusinthira wa sayizi 4, womwe ndi woyenera msinkhu umenewo, ndinauphwetsako pang'ono, mapasi anayamba kufika. Mwana ngati ameneyu sangabwere yekha kudzanena kuti akochi mpira ukuwawa, amaopa kuti anyamata amuseka. Wina amafooka chifukwa wabwera osadya, wina ali ndi chilonda kuchala, ena mwezi wa Ramadani amakhala akusala, pajatu kuno Asilamu ndi ambiri. Zonsezi mukangoyang'ana phazi lokha simungazione.

Koma si paliponse pofunsa. Mwana amene sanaonepo nkomwe mmene amamenyera ndi mkati, mukamufunsa kuti "ukuganiza umenye bwanji?" mukungomuzunza, yankho alibe. Muonetseni kaye, kawiri katatu, pang'onopang'ono, kapena muitane mnzake amene amatha aonetse, ayese kangapo, mafunso abwere pambuyo ali ndi choti akumbukire. Pa zoopsa napo palibe zokambirana. Wina akalowa ndi mapazi awiri kuchokera kumbuyo, ndimaimba wezulo, "ayi, zimenezo sitipanga pano", mwachidule, kufunsana tidzafunsana mitima itatsika. Mwana amene wakwiya kapena akulira musamufunse za phazi, mpatseni madzi akhale kaye pansi. Komanso kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja mukukudziwa, mchenga umaotcha mapazi, nde kuimika ana mphindi zisanu mukufunsa mafunso ndi nkhanza. Zokambirana zazitali ndimazisungira nthawi yomwa madzi pamthunzi.

Pomwe mafunso amalipira kwambiri ndi pa kagemu kakumapeto, anayi anayi kapena asanu asanu, chifukwa pamenepo nkhani si phazi lokha koma kusankha. Ana athu onse amafuna kukhala Gaba. Chigoli chija Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ku AFCON ya ku Cameroon mu Januwale 2022, olo tinaluza 2-1, mpaka lero mwana akangodutsa pakati pa galaundi amafuna aombere. Kuwaletsa kuti "osamashuta patali" sikugwira, akuyankhani mumtima kuti nanga Gaba uja. Nde ine ndimalowera komweko. Mwana akaombera patali mnzake ali yekha pafupi ndi golo, ndimamufunsa kuti, "Gaba asanamenye, goloboyi anali pati?" Amene anaonera pa foni amadziwa, anali atatulukako pamzere. "Nanga wako uyu anali pati?" "Pagolo." "Unamuona usanamenye kapena waona pano?" Apa amaseka. "Wina anali pabwino ndani?" Amaloza mnzake. Sindinamuletse kushuta, ndipo tsiku lomwe goloboyi adzatuluke ndikufuna adzaombere ndithu. Chomwe ndikufuna ndi choti adzutse mutu kaye.

Kuimitsa gemu yonse ndimachita kamodzi kapena kawiri basi, ndipo osapyola theka la mphindi. Ndikaimba wezulo aliyense aume pomwe ali, chifukwa akasuntha chithunzi chafufutika, funso silimvekanso. Ndimafunsa yemwe ali ndi mpira kuti akuona ndani, abwereze pomwepo, gemu ipitirire. Mukamaimitsa pafupipafupi ana amatopa nanu, anabwerera mpira osati msonkhano. Zambiri ndimangomuitanira mmodzi pambali gemu ikupitirira, mawu awiri, abwerere.

Mungadziwe bwanji kuti mukuyankhula kwambiri? Onani maso awo. Mwana akamati akangomenya mpira nkutembenukira kwa inu asanaone nkomwe komwe wapita, ndiye kuti wayamba kudalira pakamwa panu. Pamenepo chepetsani. Poyamba chinthu chatsopano ndimayankhula pafupipafupi, akayamba kugwira ndimadikira amenye kasanu ndiyeno nkunenapo kamodzi, kenako ndimangofunsa kuti "mwa asanuwo wabwino unali uti?" Akatha kusankha yekha nkunena chomwe chinasiyana, ine ntchito yanga pa chinthu chimenecho yatsala pang'ono. Ndipo musanyengeke ndi zomwe zachitika tsiku lomwelo. Mwana kukonza pompopompo inu muli pambali si umboni woti waphunzira. Umboni ndi sabata yotsatira, musanamukumbutse chilichonse, komanso mu gemu wina akumuthamangitsa. Kamnyamata ka chidindo kaja pakageti kanakhala bwino msanga, koma mu gemu kakapanikizika phazi limabwerera kumango. Zimenezo nzachibadwa, sikuti sanamve. Ndinangomuikira wina woti azimuthamangira mwaulesi pa dirilu ija, kenako mwamphamvuko, kuti azolowere kuloza phazi ali pa changu.

Chomwe chimandisokonezabe ndi akumbali kwa galaundi. Anyamata akuluakulu aja amabwera kudzaonerera, ena pa njinga zawo za kabaza akudikira makasitomala, nde inu mwafunsa funso mukuwerenga chamumtima, wina uko wakuwa kale, "Mwana ameneyo ndi mbuzi, mtulutseni!" kapena wamuyankhira. Kukangana nawo sikuthandiza, mawa abweranso ambiri. Amene amabwera kawirikawiri ndinawaitana ndinati, "Achimwene, mpira mumaudziwa, tandithandizani. Imani apa muziwerenga mapasi odutsa pakageti, mwana akadutsitsa mutchule nambala mokweza." Munthu amene akuwerenga sapeza mpata wotukwana, ndipo ana amalimbikira kuti nambala ikwere. Makolo ndimawapempha chimodzi, kuti pobwerera kunyumba asayambe ndi "unaphonya bwanji chija", angomufunsa kuti lero mwaphunzira chani, awaonetse pabwalo.

Ana okhaokhanso amakonzana, ndipo akasiyidwa amakopera zomwe amamva kwa akulu, kunyozana. Nde pa awiriawiri paja ndimapereka ntchito kwa wolandira, kuti aziyang'ana chinthu chimodzi chokha, phazi loponda la mnzake, ndipo aziti "laloza" kapena "silinaloze", osaonjezera mawu ena. Akamenya 10 asinthane. Zimenezi zimandipepukitsira chifukwa sindingafike kwa onse, komanso woyang'anayo amaphunzira nawo, amafika pomenya iye atadziwa kale choti aonetsetse. Madzulo ndimalemba mukakope maina a ana amene ndayankhula nawo mmodzimmodzi tsiku limenelo, chifukwa pakamwa pamathamangira kwa odziwa kwambiri ndi ovuta kwambiri, apakatikati achete aja atha kutha mwezi osamva dzina lawo. Amene sanalembedwe ndi omwe ndimayamba nawo tirening'i yotsatira.